Matimati Akuda Kunsi

Pabwalo la alimi la pa intaneti ankawadziwa kuti a Chithunzi. Dzinalo sanabadwe nalo ayi, analipeza ndi khalidwe. Munthu akalemba kuti, "Kabichi wanga akufota, ndithire chiyani?" yankho loyamba la mkuluyu linkakhala lomwelomwelo: "Tumizani chithunzi." Wina akadandaula za anyezi, tumizani chithunzi. Wina za mbozi m'chimanga, tumizani chithunzi. Mapeto ake anthu anayamba kumauzana kuti, "Dikirani a Chithunzi adzuke," ndipo dzina linamatirira. Iwo sanalikane. Munthu amene wagwira ntchito ya ulangizi wa mbewu moyo wake wonse amakhala atatchulidwapo mayina oipa kuposa limeneli.

Anayamba ntchitoyo ali mnyamata, pa njinga yakapalasa. Atayamba imvi anawapatsa yamoto, ija yosalira mpaka uikankhe. Anaphunzitsa anthu kutalikitsa mapando, kupanga manyowa, kusiyanitsa mbewu yodwala ndi yanjala. Ena anamva, ambiri anangogwedeza mutu n'kukachita zomwe ankachita kale. Atapuma pantchito anaganiza kuti tsopano alima munda wawowawo, wopanda wowatsutsa. Koma mawondo anakana, ndipo mayi a kunyumba atamwalira, mwana wawo wamkazi anabwera ndi galimoto yobwereka n'kuwanyamula pamodzi ndi sutikesi, wailesi ndi mpando wawo wa ndalema.

Mwanayo anali namwino, ndipo ankakhala m'nyumba yosanja, pamwamba pa sitolo ya matayala. Munda wa a Chithunzi tsopano unali pakhonde: zitini zakale za penti, zoboola kunsi, momwe munali tsabola, anyezi wamasamba ndi mtengo umodzi wa matimati womangirira ku chitsulo cha khonde ndi lamba wa diresi lakale. Ofesi yawo inali tebulo la kukhitchini, lokutidwa ndi pulasitiki wamaluwa amene anapsa pakona ndi poto. Ankakhala pamenepo m'mawa uliwonse, magalasi pamphuno, foni yong'aluka galasi itatsamira botolo la shuga, akulemba ndi chala chimodzi ngati nkhuku yotola mapira.

Poyamba bwalolo linawatsitsimutsa. Anali mwana wawo yemweyo amene anawalembetsa, potopa ndi kuwapeza akulangiza wailesi. Ankayankha aliyense, motalika, mwaulemu, ngati akulemba lipoti lopita kulikulu. Koma zaka zitapitapo anazindikira kuti bwalo lili ngati mudzi uliwonse umene anaupondapo. Mafunso ndi omwewo, amangosintha eni ake. Nyengo yotentha ikafika, matimati. Mvula ikagwa, mbozi. Ndipo anthu safuna kumva chifukwa chake. Amafuna dzina la botolo.

Wa mabotolo analipo. Anali ndi sitolo ya mankhwala a mbewu kwinakwake, ndipo pabwalo ankadzitcha Dokotala wa Mbewu. Sanali munthu woipa mtima, koma kwa iye vuto lililonse linali ndi chivindikiro. Ankayankha msanga, mwachidule, ndi zilembo zikuluzikulu, ndipo anthu ankamupatsa tizala toyamikira tambirimbiri. Mayankho a a Chithunzi ankatsikira pansi, kumene amafikako ndi odekha okha.

"Tsabola wakale sawawa," anatero tsiku lina akuvula magalasi. "Ndisiya ine zimenezi."

"Munanenanso chaka chatha, bambo," anayankha mwana wawo akusita yunifolomu.

"Chaka chatha ndinkanena ndi pakamwa. Pano ndi msana ukunena."

Sanasiye kwenikweni. Anangofupikitsa. Mayankho awo anayamba kuchepa ngati sopo, mpaka ena anatsala mawu atatu.

M'nyengo imeneyo ndi mmene munthu wina watsopano anatsegula mutu wa nkhani yake pabwalo. Anadzitcha Woyamba Kumene. Analemba mwamantha, ndi kupepesa koyambirira ndi kothera. Anati iye ndi telala, amasoka m'khonde la sitolo ya munthu, ndipo chaka chino wabwereka kamunda kunja kwa tauni n'kudzala matimati koyamba m'moyo wake. Mitengo yakula bwino, yabereka, koma zipatso zoyamba zikuda kunsi. Chithunzi anatumiza yekha asanapemphedwe, mwina anali atamva mbiri. Chinaonetsa dzanja la mzimayi, lokhala ndi chipsera cha singano pachala, litagwira matimati atatu aatali aja. Lililonse linali ndi banga lakuda kunsi kwake, lophwa, louma ngati chikopa. Kumbuyo kwa dzanjalo kunkaoneka masamba obiriwira bii, opanda banga ndi limodzi lomwe.

A Chithunzi anangoyang'ana kamodzi. Vutoli analiona kambirimbiri moti akanalizindikira ali m'tulo. Tiyi wawo anali atazizira, bondo linkawawa, ndipo pansi pa nyumba anyamata a matayala ankamenya chitsulo ngati akuchilanga. Analemba kuti: "Si matenda. Ndi kashiyamu. Thirirani bwino." Anatumiza, natembenuza foni chafufumimba, n'kupita kukagona pa mpando wa ndalema.

Zonse zimene analembazo zinali zoona. Mlangizi mnzawo akanawerenga akanagwedeza mutu. Koma telala sanali mlangizi mnzawo.

Panapita masiku angapo a Chithunzi osatsegula bwalo. Atalitsegula, anapeza mutu uja watalika ngati mzere wa kuchipatala. Mawu akuti kashiyamu anali atadzutsa akatswiri onse. Wina anati asinje zikamba za mazira. Wina anati athire mkaka wosungunula. Wina anati choko cha kusukulu, ndipo anzake awiri anayamba kukangana naye za mtundu wa chokocho mpaka anafika potukwanirana makolo, woyang'anira bwalo n'kufufuta zina. Telala anali atayankha aliyense kuti zikomo. Anati wathira zikamba. Anati poti anauzidwa kuthirira bwino, Lamlungu anathira madzi mpaka munda unasanduka dambo. Koma matimati ena adanso.

Apo ndi pamene Dokotala wa Mbewu analowa ndi zilembo zake zikuluzikulu. Anati ngati zikufalikira ndiye kuti ndi chiwawu, ndipo chiwawu sachinyengerera. Apopere mankhwala msanga, koma ngati zafika pa zipatso, azule zonse, atenthe, ayambirenso. Tizala toyamikira tinagwa ngati matalala.

Uthenga womaliza unali wa telala, wa m'mawa womwewo. "Zikomo nonse. Ndalephera. Alamu anga abwera mawa ndi khasu tizule, akuti malowo adzalepo zina. Ndimangofuna ndionetse ana kuti nanenso ndingathe. Pepani pokutayitsani nthawi."

A Chithunzi anawerenga kawiri. Anamva kutopa kuja kumene kumayambira m'khosi n'kutsikira m'mapewa, kwa munthu amene wauzidwa kuti abwerere kukatenga katundu amene anamusiya dala. Anamvanso manyazi, ndipo manyaziwo anawakwiyitsa. Munda wabwinobwino, wa masamba obiriwira, ukazulidwa mawa, ndipo woyamba kuyankha pa mutuwo anali iwo.

Anayamba kulemba. Analemba ngati kale, ndi mawu onse a m'mabuku: za kayendedwe ka michere m'mitsempha ya mbewu, za kusinthasintha kwa chinyezi, za mchere wa nayitirojeni wolimbana ndi kashiyamu pa mizu. Chala chinatopa, anasintha china. Mwana wawo anatuluka m'chipinda atavala zogonera, poti sabata imeneyo ankalowa ntchito madzulo, nawapeza atawerama ngati akusoka nsapato.

"Si paja munasiya, bambo?"

"Tawerenga apa. Undiuze ngati zikumveka."

Mwanayo anawerenga ataima, kapu ya madzi m'dzanja. Anafika pakati n'kubweza foni.

"Zikumveka kuti munapita kusukulu."

"Iwe, ndikufunsa zenizeni."

"Inenso ndikuyankha zenizeni. Ine ndine namwino, mawu enawa ndikuwadziwa, koma mutandipatsa kheni yothirira panopa sindingadziwe chochita. Ndithire kapena ndisathire? Kangati? Mayi akanakhala pano akanati chiyani?"

Sanafunikire kuwakumbutsa. Malemu mkazi wawo sanapite patali ndi sukulu, koma usiku woti mawa kuli msonkhano wa alimi ankawakhazika pansi n'kuwauza kuti, "Nenani ngati mukuuza ine." Akayamba za michere ndi chinyezi, mayiwo ankangopitiriza kusenda nyemba, osadzutsa mutu. Akafika ponena kuti, "Pisa chala m'dothi," ndi pamene ankati, "Eya, apo ndamva." Misonkhano yawo yonse imene inaphula kanthu inayamba yadutsa pa lichero la nyemba lija. Chimwalirireni mayiwo, panalibe wowabweza, ndipo mawu awo ankangotuluka aatali kwambiri kapena aafupi kwambiri.

"Khala pansi," anatero. "Ndiuza iwe."

"Bambo, ine ndikufuna ndigone."

"Ugona. Matimati ako ada kunsi. Ukufuna kudziwa chiyani choyamba?"

Mwanayo anapumira m'mwamba, nakoka mpando. "Ngati ndizule kapena ayi."

A Chithunzi anafufuta zonse zija. Zinawawawa, poti munali ziganizo zina zokoma, koma anafufuta. Asanalembe china, anabwerera m'mauthenga a telala kufunafuna chimene sanafunse tsiku loyamba lija. Anachipeza chitabisala pakati pa zikomo ndi pepani. Mayiyo ankapita kumunda Lachitatu ndi Lamlungu basi, chifukwa masiku ena amakhala pa makina. Akapita ankathira madzi ambiri kuti akwanire masiku onse. Ndipo mnansi wa munda anamupatsa feteleza wa yureya, iye n'kumathira kawirikawiri poona kuti masamba akukongola. Nkhani yonse inali pamenepo, poyera, ikudikira munthu woti aiwerenge.

Analemba chiganizo chilichonse atayamba achinena mokweza. Mwana wawo akakwinya nkhope, ankachisintha. Yankholo linatuluka motere:

"Mayi Woyamba Kumene, musazule. Munda wanu sukudwala, ndipo vutoli silipatsirana kuchoka pa mtengo wina kupita pa unzake. Ndinakuyankhani mwachidule tsiku lija, ndipo sindinakuthandizeni. Tiyambirenso.

"Choyamba, tsimikizani nokha. Yang'anani masamba ndi tsinde. Chiwawu chimawaula masamba, amachita mawanga abulauni ngati apsa ndi madzi otentha, tsinde limada, ndipo pa chipatso banga limakonda kuyambira kumtunda kapena m'mbali. Chimakondanso nyengo yozizira ndi yachinyontho, osati kutentha kuno. Pa chithunzi chanu masamba ndi abwino, ndipo banga lili kunsi kokha, kumene kunali duwa, louma ndi lolowa m'kati. Ngati munda wonse uli choncho, si chiwawu, ndipo mankhwala opopera sangachite kanthu.

"Chikuchitika n'chiyani? Chipatso chikamakula chimafuna chakudya china chotchedwa kashiyamu kuti mnofu wake ulimbe. Nthawi zambiri chakudyachi chimakhalamo kale m'dothi. Koma sichiyenda chokha, chimakwera ndi madzi kuchokera ku mizu. Dothi likauma, ulendo umaima, ndipo malo otsiriza kulandira ndi kunsi kwa chipatso. Pamenepo pamafa n'kuda. Mukabwera n'kuthira madzi ambiri nthawi imodzi, pofapo sipadzukanso, ndipo mizu ikamira m'matope imalepheranso kukoka. Zili ngati mwana womudyetsa phwando Lamlungu n'kumugoneka ndi njala mpaka Lachitatu.

"Ndiye chitani izi. Thothani matimati onse akuda, ngakhale aang'ono. Sachira, akungodya mphamvu ya mtengo.

"Thirirani pang'ono pang'ono koma mosadumphitsa. Pisani chala m'dothi pafupi ndi mtengo mpaka mfundo yachiwiri. Mukamva kouma, thirani. Mukamva konyowa, siyani. Dothi likhale ngati nsalu yochapa imene mwaifinya, osati yodontha, osati youma. Kukutenthaku mwina zifuna tsiku lililonse kapena kudumpha limodzi. Thirani m'mawa, pansi pa mtengo, osati pamasamba. Ngati simungapite, pemphani mnansi, ngakhale mumusokere malaya.

"Phimbirani. Yalani udzu wouma kuzungulira mtengo uliwonse, wochindikala ngati chikhatho chanu m'lifupi, koma usakhudze tsinde. Udzuwo usunga chinyontho masiku amene inu muli pa makina. Pa zonse ndanenazi, ichi ndiye chikuthandizeni kwambiri.

"Yureya muyambe mwasiya. Amakulitsa masamba, ndipo masamba ambiri amalanda madzi ndi chakudya chimene chikanapita ku zipatso. Musalimenso ndi khasu pafupi ndi tsinde, mumadula mizu. Udzu womera muzizula ndi manja.

"Zikamba za mazira sizoipa, koma zimatenga miyezi kuti zisungunuke, sizipulumutsa mbewu ya chaka chino. Mkaka mupatse ana. Za laimu, wowonjezera kashiyamu m'dothi, tidzakambe musanadzale ulendo wina, mutayezetsa dothi.

"Musayembekeze kusintha mawa. Ena amene akula kale adzadabe, musataye mtima. Muziyang'ana amene akubadwa tsopano. Pakatha masabata awiri kapena atatu mudzaona.

"Ngati alamu anu sakukhulupirira nkhalamba ya pa foni, sindiwadandaula. Apempheni akusiyireni mizere iwiri yokha, muyesere."

Mwana wawo anawerenga yonse, ulendo uno mpaka pansi.

"Mfundo yachiwiri ya chala ndi iti? Kuwerengera kuchokera kuti?"

A Chithunzi anamuyang'ana pamwamba pa magalasi. "Namwino wathunthu?"

"Ine ndikudziwa. Koma telala wanuyo ali ndi mantha, ndipo munthu wamantha amakayika ngakhale dzina lake. Bwanji osamuonetsa?"

Anatuluka pakhonde, iwo akukoka mwendo. Anawerama pa chitini cha matimati n'kupisa chala. Dothi linali gwa, louma ngati chigumu cha dzana, moti chala chinalowa movutikira. Anatembenuza chipatso chimodzi chimene chinali chitayamba kuyezuka. Kunsi kwake kunali kwakuda.

Mwanayo anaseka mpaka anagwira chitsulo cha khonde. "Alangizi! Mpaka kwanu komwe?"

"Jambula chala, usajambule zimenezo."

"Ayi, izi ndiye zofunika. Aone kuti zimagwera aliyense."

A Chithunzi anakana pang'ono, kenaka analola. Anali atatopa kwambiri moti analibe mphamvu zotetezera ulemu. Anatumiza zithunzi ziwiri pansi pa yankho lija: chala chokwinyika chili m'dothi, ndi tomato wawo wakuda kunsi. Analemba kuti, "Uyu ndi wanga. Nanenso ndinadumphitsa kuthirira." Aka kanali koyamba kuti a Chithunzi atumize chithunzi, ndipo bwalo silinalole kuti zimenezi zidutse mwakachetechete. Nthabwala zinagwa tsiku lonse. Woyang'anira bwalo anakhomera yankholo pamwamba pa mutu, kuti aliyense wotsegula aziyamba kuliona. Ngakhale Dokotala wa Mbewu analemba, ndi zilembo zing'onozing'ono, kuti mwina akuluwa akunena zoona, iye sanayang'anitsitse masamba, komabe mankhwala alipo kwa ofuna.

Aliyense analankhula kupatula mwini nkhani. Pansi pa dzina la telala pankangoonetsa kuti analowa komaliza m'mawa uja.

Tsikulo linadutsa. Lotsatira, lija la alamu ndi khasu, a Chithunzi anadzuka molawirira n'kukhala patebulo foni ili m'manja. Analembanso kamzere kamodzi: "Mayi, mwaona yankho?" Panalibe kanthu. Anamutumizira uthenga wapadera, wosaonekera pagulu. Panalibe kanthu. Nambala yake sankaidziwa, dera lake sankalidziwa. Kale akanakankha njinga ija mpaka ilire, n'kukafika pamundapo dzuwa lisanakwere, n'kuima pakati pa mizere kuti wozulayo ayambe wazula iwo. Tsopano anali ndi chala chimodzi ndi galasi long'aluka.

"Mwina alibe mayunitsi," anatero mwana wawo pobwera kuntchito, akuvula nsapato pakhomo. "Kapena foni ndi yobwereka. Odwala anga ambiri sabweranso kudzanena kuti achira, bambo. Amangopita."

"Ndi amene sanachire sabweranso."

"Eya. Ndiye mumangogwira ntchito."

Masiku anayenda mwa nthawi zonse. Anyamata a matayala anapitiriza kulanga chitsulo chawo. A Chithunzi anathothola matimati akuda pakhonde, nayala udzu umene mwana wawo anawatolera kuseri kwa chipatala, ndipo m'mawa uliwonse ankapisa chala m'chitini asanamwe tiyi. Pabwalo ankalowa, koma mutu woyamba kuutsegula unali womwe uja. Unali utatsikira pansi, utakwiriridwa ndi nkhani za mitengo ya feteleza ndi mkangano wa nkhuku za mazira. Pang'ono ndi pang'ono anasiya kuyembekeza. Moyo wawo wonse unali wotero: kunena, kuchoka, osadziwa.

Patatha pafupifupi mwezi, masana ena akusenda mbatata, foni inalira kamodzi. Woyamba Kumene anali atalemba.

Anapepesa kaye, monga mwa chizolowezi chake, poti anadikira kuti aone zotsatira asanalembe. Anati tsiku lija atalemba zoti walephera, anachita manyazi n'kutseka bwalo, osafunanso kuliona. Analitsegula mawa lake ali kumunda, atakhala pa chidebe, pofuna kufunsa ngati mitengo yozulayo aitenthe pomwepo kapena kutali. Pamenepo n'kuti alamu ake atayamba kalekale, poti ndi munthu wolawirira. Telalayo anawerenga yankho lija, nayang'ana masamba a mitengo imene inali itagona kale pansi, yobiriwira bwinobwino, nathamanga kukagwira khasu. Anakangana. Alamuwo anati za pa foni n'zabodza. Iye anawaonetsa chala cha nkhalamba chili m'dothi ndi mzere womaliza uja, ndipo anamusiyira imene inatsala, mizere iwiri ndi theka. Anaphimbira, anagwirizana ndi mayi wa munda woyandikana kuti azimuthirira posinthana ndi mayunifolomu a ana, ndipo yureya anabweza kwa mwini wake. "Onani," analemba. "Ngakhale limodzi lakuda palibe pa atsopanowa. Ana akuti ndine mlimi. Mulungu akudalitseni, bambo."

Chithunzi chinali pansi pake. Mizere iwiri ndi theka, mitengo yolemedwa mpaka timitengo tochirikiza tapindika, matimati ofiira ndi ayezu ali mbwee, udzu utayalidwa bwino pansi. Dzanja lija la chipsera linatembenuza limodzi kuti kunsi kuoneke, kosalala.

Bwalo linasangalala. Tizala tinagwa, ulendo uno pa dzina la a Chithunzi, tambiri kuposa timene analandirapo chiyambire. Wina analemba kuti mawu a akuluakulu amakoma akagonera. Wina anati yankholo alisunga, akaonetse mkazi wake.

Mwana wawo anasuzumira paphewa pawo, thaulo lili kumutu. "Mwaona? Mwapambana, bambo. Muzimwetulirako."

A Chithunzi anaika zala ziwiri pagalasi n'kukulitsa chithunzicho, osati pa matimati, koma kumbuyo kwake. Kuseri kwa mizere iwiri ndi theka ija munda unkapitirira mpaka ku mpanda wa minga, ndipo unali mbee. Alamu aja sanadzalepo kanthu. Mizere inkaonekabe, ndi timaenje m'malo mmene munali mitengo, ndi timitengo tochirikiza titaunjikidwa pambali. Pakona panali bwalo lakuda la phulusa. Diso la mlangizi silifuna kuuzidwa: zimene zinatsalazo sizinkakwana ngakhale limodzi mwa magawo asanu a mundawo.

"Akuthokozanitu," anatero mwanayo, mawu atatsika.

"Akuthokoza chifukwa sakudziwa kuti yankho lomweli ndinali nalo tsiku loyamba. Anatumiza ndi chithunzi chomwe, ndisanapemphe." Anavula magalasi n'kupukuta m'maso ndi chikhatho. "Onse aja akanakhala chonchi. Mpaka kumpanda."

Mwanayo anangowagwira paphewa n'kupita kukatenga mbatata zija kuti amalize kusenda. Madzi akatayika saoleka, ndipo onse awiri anali akulu mokwanira kuti asanamizane.

A Chithunzi anamuyankha telala mwachidule, kuti wagwira ntchito yabwino, apitirize kuthirira mofanana kuti zipatso zisang'aluke, ndipo akafuna kudzalanso abwere adzakambirane asanagule mbewu. Atatumiza anabwerera kutsamba loyamba la bwalo, chala chili kale panjira yokatseka foni. Pamwamba penipeni panali mutu watsopano, wa munthu wa dzina lachilendo, wopanda yankho ndi limodzi lomwe. "Thandizeni chonde, matimati anga akuda kunsi, ndipopere chiyani?"

Bondo linkawawa. Tiyi anali atazizira. Akanatha kungomulozera ku yankho lokhomedwa lija, ndipo palibe akanawadzudzula. Koma uyu mwina sanali telala. Mwina amathirira tsiku lililonse, mwina masamba ake ndi opsa, mwina chake n'chiwawu chenicheni. Anavalanso magalasi, nakokera botolo la shuga pafupi, natsamiritsa foni.

"Musazule kanthu, musagule kanthu, ndili pompano," analemba ndi chala chimodzi chija. "Tumizani chithunzi cha chipatso ndi cha masamba. Ndipo mundiuze, mumathirira masiku ati?"